Khutu silibwerera m'mbuyo

Usiku umene tinagona pa siwa ya amayi aakulu, amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Iwo ndiwo eni mbumba, choncho mawa lake anayenera kuyankhula m'malo mwa banja. "Mphwanga," anatero, "iwe ndiwe unapita patali ndi sukulu. Undilembere mawu oti ndikawerenge mawa. Ndikangoyankhula za m'mutu ndikalira."

Ndinakhala pa mtondo wogadamiza, ndikuunikira pepala ndi tochi ya pafoni, n'kulemba. Nditamaliza ndinawerenga chamumtima kawiri ndipo ndinadziyamikira. Chiganizo choyamba chinali chotere:

"M'malo mwa banja lonse, lomwe lakhudzidwa kwambiri ndi imfa ya mayi athuwa, omwe anayamba kudwala m'mwezi wa Febuluwale pomwe anapita kukaona ang'ono awo kutauni, omwe atawaona kuti afooka anawatengera kuchipatala komwe anawagoneka kwa sabata ziwiri asanawatulutse, ndikufuna kuthokoza nonse amene, ngakhale kuti ino ndi nyengo yokolola, mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa."

Amalume amadziwa kuwerenga bwino, ndipo kutchalitchi amawerenga Mawu kawirikawiri. Koma tsiku limenelo mpweya unawathera asanafike pakati. Anapumira pa mawu akuti "omwe atawaona", n'kuyambiranso, chala chawo n'kudumpha mzere. Pomwe ankafika pothokoza, mawu anali atatsikira kukhosi ndipo akumbuyo sanamve kuti athokozedwa. Pochokera kumanda gogo wina anandigwira mkono n'kundifunsa mwachifundo: "Nanga ang'ono awo aja, atuluka m'chipatalamo?"

Amayi aang'onowo sanadwaleko. Anali pompo, akugawira anthu nsima. Cholakwa sichinali cha amalume, sichinalinso cha gogo uja. Chinali changa. Ndinalembera maso, pomwe anthu anabwera ndi makutu.

Diso lili ndi pepala, khutu lilibe

Munthu akamawerenga nyuzipepala amakhala mfumu ya nthawi yake. Akapanda kumvetsa, diso limabwerera pamwamba, n'kuonanso kuti "omwe" uja akunena ndani. Amaona mpumiro ukubwera, amaona pomwe ndime yathera, akatopa amaika pepala pansi n'kukamwa madzi. Womvetsera alibe mwayi umenewu. Mawu akatuluka pakamwa apita, ndipo ena akubwera kale pambuyo pake. Chimene sanachigwire sangachitolenso.

Ndiye womvetsera amadalira kachikumbumtima ka kanthawi kochepa, komwe kamasunga mawu amene angomveka kumene mpaka tanthauzo lake litakwanira. Kankhokwe kameneka n'kakang'ono zedi. M'chaka cha 1975, katswiri wa za maganizo wa ku Britain, Alan Baddeley, pamodzi ndi anzake awiri, ankapatsa anthu mndandanda wa mawu kuti awabwereze nthawi yomweyo. Anapeza kuti anthu amakumbukira mawu aafupi ochuluka kusiyana ndi aatali, ndipo kuti munthu amasunga pafupifupi mawu okhawo amene angawatchule m'masekondi awiri. Choncho muyeso wake si chiwerengero cha mawu chabe ayi, koma nthawi imene mawuwo amatenga pakamwa.

Kwa ife oyankhula Chichewa, mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga. Mawu athu amanyamula katundu wambiri. Taonani liwu lakuti "asanawatulutse". Papepala ndi liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo 7, ndipo mkati mwake muli wochita, nthawi, wochitiridwa ndi ntchito yomwe. Chiganizo cha mawu 15 a Chichewa chikhoza kuoneka chachifupi papepala, koma pakamwa n'kukhala ulendo. N'chifukwa chake malangizo a m'mabuku a zinenero zina onena za chiwerengero cha mawu oyenera pa chiganizo sitingangowatengera. Ife tiyese ndi mpweya.

Matenda atatu a chiganizo chija

Tiyeni tichisende chiganizo changa chija ngati chinangwa, tione pomwe chinawawira. Chili ndi mawu 50.

Vuto loyamba ndi lakuti mneni wamkulu anachedwa. Chimene amalume anaimirira ndi kuthokoza, koma liwu lakuti "ndikufuna" ndi la nambala 37. Womvetsera atamva kuti "m'malo mwa banja lonse", anatsegula manja kudikira kuti amve chimene banjalo likunena. M'malo mwake ndinamusenzetsa imfa, mwezi, ulendo wa kutauni, chipatala ndi sabata ziwiri, manja akadali otsegula. Pomwe kuthokoza kunkafika, chiyambi chija chinali chitagwa kale. Zolumikizira monga "lomwe", "omwe", "pomwe" ndi "komwe" zili ngati njira zopatuka. Iliyonse imakuchotsa pa msewu waukulu, ndipo ine ndinapatuka kasanu ndisanabwerere.

Vuto lachiwiri ndi lathulathu, lochokera mu ulemu wa chinenero chathu. Munthu wamkulu timamutchula ngati ndi anthu ambiri: anapita, anawaona, anawatengera. Ndiye m'nkhani mukakhala akuluakulu awiri kapena atatu, onse amavala "a" ndi "wa" yemweyo. M'chiganizo chija muli malemu, ang'ono awo ndi achipatala. "Atawaona kuti afooka anawatengera kuchipatala": anaona ndani, anafooka ndani, anatenga mnzake ndani? Wowerenga ndi maso akhoza kubwerera n'kumasula mfundoyo. Gogo uja anangogwira dzina lomaliza limene analimva, lomwe ndi "ang'ono awo", n'kuligoneka m'chipatala. Khutu limatero ndithu: likasokonezeka limakakamira dzina lapafupi.

Vuto lachitatu ndi mpweya wa woyankhula. Munthu amayankhula akutulutsa mpweya, ndipo ukamatha mawu amatsika n'kuyamba kuthamanga. Pagulu mpweya umatha msanga kuposa kunyumba, chifukwa munthu akukweza mawu, mtima ukugunda, mwinanso akulimbana ndi misozi. Chiganizo chikapanda kumupatsa popumira, amapumira paliponse pomwe mapapo alamula. Apa Chichewa chili ndi msampha wake. Tikamafika kumapeto kwa ganizo, timakoka pang'ono phatikizo loyandikana ndi lomaliza. Tanenani mokweza kuti "ndapita kumunda", mumva kuti "mu" watalikirapo. Kukoka kumeneku n'kumene kumauza khutu kuti apa mtolo wamangidwa. Wowerenga akaima pamalo polakwika, amamanga mtolo wosakwanira, ndipo womvetsera amaunyamula momwemo.

Onjezanipo kuti kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Papepala "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa feteleza n'chimodzimodzi, koma pakamwa zimasiyana. Wowerenga mokweza amafunika aone kumene chiganizo chikupita asanatsegule pakamwa. Chikakhala cha mzere umodzi, diso limachimeza chonse, mutu n'kudzuka, munthu n'kuyankhula akuyang'ana anthu. Chikakhala cha mizere isanu, mutu umakhala chiweramire, ndipo mawu amapita papepala m'malo mopita kwa anthu.

Nkhani yomweyo, mitolo ing'onoing'ono

Chaka chotsatira tinasonkhananso pa mwambo wa chiliza. Amalume anandiitananso, koma ulendo uno anandichenjeza: "Mphwanga, undilembere zoti ndizipuma." Ndinatenga mfundo zomwe zija n'kuzilemba chonchi, chiganizo chilichonse pa mzere wakewake:

Ndaima pano m'malo mwa banja.
Ndaima kuti ndithokoze.
Mayi athu anayamba kudwala mu Febuluwale.
Anadwalira kutauni, kwa ang'ono awo.
Ang'ono awowo ndiwo anawatengera kuchipatala.
Mayi athu anagona m'chipatala sabata ziwiri.
Mayi athu anatisiya nthawi yokolola.
Inu munasiya chimanga m'munda, munabwera.
Munasiya ana pakhomo, munabwera.
Munasiya malonda pamsika, munabwera.
Lero banja likuti zikomo.

Werengani mawuwo, mupeza 52. Ndiye kuti sindinafupikitse nkhani, yatalikirapo ndi mawu awiri. Chimene chasintha ndi kamangidwe. Mtolo umodzi uja wasanduka mitolo 11, ndipo waukulu kwambiri uli ndi mawu 6. Cholinga cha woyankhula chamveka pa mzere wachiwiri, kotero womvetsera akudziwa kumene tikupita. Dzina lakuti "mayi athu" labwera katatu, ndipo nthawi iliyonse likutseka mpata woti wina agoneke munthu wolakwika m'chipatala. Pomwe ang'ono awo alowa m'nkhani, ndawatchula kumapeto kwa chiganizo chimodzi n'kuyambira nawo chotsatira, ngati anthu opatsirana njerwa pomanga.

Chimene sindinachiyembekezere chinachitika pa mizere itatu ya "munabwera". Pa woyamba anthu anangomvetsera. Pa wachiwiri amayi ena anavomera kuti "mmm". Pa wachitatu ena anatchulira limodzi ndi amalume liwulo asanalimalize. Amalume anaweramuka, n'kunena mzere womaliza osayang'ana pepala.

Chibwereza ndi pepala la womvetsera

Kusukulu anatiphunzitsa kuti polemba chimangirizo tisabwereze liwu limodzimodzi, tizisinthasintha. Papepala langizo limeneli lili ndi malo ake. Pamsonkhano limasocheretsa. Mukati "malemu", kenaka "mayi athu", kenaka "wokondedwa wathuyu", kenaka "gogo wa anawa", womvetsera wakumbuyo amayamba kuwerengera kuti kodi amwalira angati. Khutu likamva liwu latsopano limayesa kuti chinthunso n'chatsopano. Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chibwereza chimagwira ntchito zitatu. Yoyamba ndi kupereka mwayi wachiwiri. Pabwalo pamakhala mphepo, mwana wolira, njinga yamoto yodutsa, ndi zokuzira mawu zolirima m'malata. Munthu aliyense amaphonyako kanthu, ndipo aliyense amaphonya pamalo pake. Mfundo yonenedwa kamodzi imafika kwa okhawo amene anali tcheru pa sekondi imeneyo. Yonenedwa katatu imafika pafupifupi kwa onse. N'chifukwa chake wolengeza wanzeru amatchula tsiku, malo ndi kuchuluka kwa ndalama kawiri, pang'onopang'ono, ngakhale ena aone ngati akutaya nthawi.

Ntchito yachiwiri ndi kupepukitsa katundu. Womvetsera akamva "munasiya" kachiwiri, amadziwa kale kamangidwe ka chiganizocho, ndipo nzeru zake zonse zimapita pa chatsopano chokha: ana, malonda. Ntchito yachitatu ndi kulowetsa anthu m'nkhani. Munthu akatha kulosera liwu likubwera, amasiya kukhala mlendo, amakhala mnzako woyenda naye. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Makolo athu ankazidziwa izi pasanabwere pepala. Wosimba nthano akati "Padangokhala", ana amayankha kuti "Tili tonse". Amanena kachiganizo kamodzi, ana n'kuyankhanso. Yankho limeneli limadula nthano m'zidutswa zokwana mpweya umodzi, limapatsa wosimba nthawi yopuma, ndipo limamuuza ngati wina wayamba kusinza. Palibe agogo amene angasimbe nthano ndi chiganizo cha mawu 50, chifukwa ana sangapeze polowera.

Kunjanso n'chimodzimodzi. Pa 28 Ogasiti 1963, mumzinda wa Washington ku America, Martin Luther King anayankhula kwa anthu pafupifupi 250,000. Mbali imene dziko limaikumbukira ndi pomwe ananena kasanu ndi katatu kuti ali ndi loto, nthawi iliyonse akuonjezapo chithunzi chatsopano. Mbali imeneyi sinali m'mawu amene anawakonzera tsikulo. Anasiya pepala n'kubwerera ku kalalikidwe ka m'matchalitchi a anthu akuda a ku America, momwe mlaliki amanena mzere, mpingo n'kuvomera. Ndi "tili tonse" yemwe uja, atavala jekete.

Kuno kwathu, achikulire amakumbukira misonkhano ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Iye ankayankhula Chingerezi, womasulira n'kumapereka m'Chichewa, poyamba John Msonthi, pambuyo pake John Tembo. Kuyankhula kudzera mwa womasulira kumakakamiza munthu kudula mawu m'zidutswa, apo ayi womasulirayo asochera. Ndipo ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinabwerezedwa kwa zaka zambiri mu ndondomeko yomweyo, moti amene anakula nthawi imeneyo amazitchulabe osaganiza. Apa palinso chenjezo. Chibwereza chimakhomerera mawu m'mutu, koma sichiyesa ngati mawuwo ndi oona. Nyundo imakhoma msomali wowongoka ndi wopindika womwe. Pa nthawi ya kampeni, mukamva mawu akukoma chifukwa abwerezedwa, dzifunseni chimene chatsala mukachotsa kukomako.

Pomwe lamuloli limathera

Wina angaganize kuti mankhwala ndi kungodula chilichonse m'zidutswa za mawu atatu. Ayi. Ziganizo zazifupi zokhazokha, zofanana msinkhu, zimamveka ngati mwana wa Sitandade 2 akuwerenga pabolodi, ndipo anthu amatopa nazo msanga. Choipa china n'chakuti podula, ena amataya timawu tolumikiza maganizo. "Mvula inachedwa. Tinabzala mochedwa. Sitinakolole." Izi zamveka, koma "chifukwa", "choncho" ndi "koma" ndiwo amauza womvetsera kuti ichi chinabala icho. Timawu timeneti tisungeni, ndipo tiikeni kumayambiriro kwa chiganizo kuti tikhale ngati chikwangwani cha pamphambano.

Chiganizo chachitali nacho chili ndi malo ake, chikamangidwa bwino. Pa 19 Novembala 1863, ku Gettysburg, Edward Everett anayankhula pafupifupi maola awiri. Pambuyo pake Abraham Lincoln anayankhula mphindi ziwiri zokha, mawu pafupifupi 270 m'ziganizo khumi. Chiganizo chake chomaliza n'chachitali, choposa mawu 80, komabe ndi chimene anthu amachikumbukira. Chinsinsi chake n'chakuti chili ndi mfundo ngati nzimbe. Chimayenda m'zigawo zazifupi zoyamba mofanana, chigawo chilichonse chokwana mpweya umodzi, ndipo chakumapeto kwake kuli liwu lakuti "anthu" lonenedwa katatu pofotokoza boma. Kusiyana kwake ndi chiganizo changa chija n'koonekeratu. Cha Lincoln chimaika chigawo pambuyo pa chinzake, monga anthu pa mzere wa kuchigayo. Changa chinkalowetsa chigawo m'mimba mwa chinzake.

Chibwerezanso chili ndi malire. Kubwereza kwadala kumasiyana ndi kuzungulira. Woyankhula amene amati "monga ndanena kale" kasanu, kapena "pomaliza" katatu, sakubwereza mwaluso, wangosowa potulukira. Kubwereza kwabwino kumasunga mbali imodzi, mbali ina n'kumasuntha: "munabwera" akhala pomwepo, koma chimanga chisanduka ana, ana asanduka malonda. Ndipo sankhani mfundo imodzi kapena ziwiri zoti zibwerezedwe. Mukabwereza zonse, palibe chimene chimaoneka chachikulu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mmene mungayesere pepala lanu

Mukalemba mawu oti akawerengedwe paukwati, pamaliro, pa msonkhano wa makolo kusukulu kapena kumpingo, musawayese chamumtima monga ndinachitira ine pa mtondo paja. Imirirani, muwerenge mokweza ngati mukuyankhula ndi munthu amene ali kutsidya kwa bwalo. Paliponse pomwe mwapuma, ikani kamzere ndi cholembera. Kamzere kakagwera pomwe palibe mpumiro kapena mpatuliro, chiganizocho chatalika.

Kenaka sakani "omwe", "pomwe", "komwe" ndi "zomwe". Chiganizo chikakhala ndi awiri kapena kuposa, dulani pamenepo, muike mpumiro, muyambe china ndi dzina la munthu kapena chinthu chimene mukunena. Funsaninso kuti mneni wamkulu ali pati. Ngati womvetsera ayenera kudikira kupitirira mpweya umodzi kuti amve chimene mukuchita, kaya ndi kuthokoza, kupempha kapena kulengeza, mukokereni kutsogolo. Manambala alembeni monga mudzawatchulire pakamwa, kuti wowerenga asadzaime n'kumawerengera maziro anthu akudikira.

Polemba pepala lomaliza, chiganizo chilichonse chikhale pa mzere wake, m'zilembo zazikulu bwino, ndipo chisadukire kuseri kwa tsamba. Ngati wokawerenga ndi munthu wina, yesani ndi mpweya wake, osati wanu. Mapapo a mnyamata wa zaka 25 si a mkulu wa zaka 70 amene wagona panja masiku awiri.

Yeso lomaliza ndi losavuta. Itanani munthu amene sanaone pepalalo, ngakhale mwana wa pakhomo pompo. Muwerengereni kamodzi kokha, kenaka mumufunse kuti wamva chiyani. Akakubwezerani mfundo yanu yaikulu, mwina ndi mawu anu omwe, pepalalo lapsa. Akayamba kukanda m'mutu, kapena akagoneka munthu wolakwika m'chipatala, musamukalipire. Iyeyo wakuonetsani chimene gulu lonse likanamva.

Pa tsiku lenilenilo, anthu adzakuuzani okha. Ziganizo zikamalowa, mitu imagwedera ndipo "eya" amamveka pomwe mwapumira. Zikatalika, maso amapita pafoni, amayi amayamba kukonza zitenje, ndipo inu nomwe mumamva mawu anu akuthamangira mpumiro ngati munthu wothawa mvula.

Pepala la pa chiliza lija amalume analipinda n'kuliika m'Baibulo mwawo, ndipo lilipobe. La pamaliro lija ndinalisunga ndine, kuti lizindikumbutsa. Inu amene mwapemphedwa kulembera wina mawu sabata ino, musanapereke pepalalo, imirirani muliwerenge mokweza. Pomwe mpweya wakutherani, ikani mpumiro.